Kodi Kufotokoza Ntchito za Ubongo N'kufotokozanso Zimene Munthu Amamva? Kuyerekeza Maganizo Atatu

Mu 1995, katswiri wa filosofi David Chalmers anagawa mafunso okhudza kuzindikira m'magulu awiri. Mafunso osavuta ndi onena za ntchito: mmene ubongo umasiyanitsira mitundu, mmene umasungira zinthu, ndiponso mmene umachititsira munthu kunena zimene waona. Funso lovuta ndi lakuti n'chifukwa chiyani ntchito zonsezi zimabwera ndi kumva kwa mkati, monga kufiira kumene munthu amakuona kapena kuwawa kwa dzino, m'malo mongochitika popanda womva aliyense. Mayankho atatu otchuka akhoza kuyesedwa bwino ndi nkhani ya odwala a mtundu umodzi.

M'zaka za m'ma 1970, katswiri wa zamaganizo Lawrence Weiskrantz ndi anzake anafufuza munthu wina amene mbali ya kumbuyo kwa ubongo wake, yolandira zochokera m'maso, inachotsedwako pa opaleshoni. Wodwalayo ankanena kuti kumanzere sakuona kanthu. Koma akamuonetsa kamzere kumbali imeneyo n'kumuumiriza kuti angoganizira ngati kaimirira kapena kagona, ankalondola kambirimbiri kuposa mmene munthu angalondolere mwamwayi, ndipo atauzidwa zotsatira anadabwa. Ntchito yosiyanitsa inalipo, koma kuona kumene munthu amakumva kunalibe, malinga ndi mawu ake.

Maganizo oyamba ndi a katswiri wa zamaganizo Bernard Baars, amene anawafotokoza mu 1988, ndipo katswiri wa ubongo Stanislas Dehaene anawayesa pa ubongo. Iwo amati chinthu chimazindikirika pamene uthenga wake waulutsidwa ku mbali zambiri za ubongo nthawi imodzi, kotero kuti kukumbukira, kulankhula ndi kusankha zochita zonse zikuupeza. Kwa wodwala uja, uthenga unadutsa njira zina zazing'ono n'kufika potsogolera yankho, koma sunaulutsidwe. Kufotokoza kumeneku kumayesedwa mosavuta, chifukwa chithunzi chimene munthu wanena kuti wachiona chimayambitsa kuyaka kwakukulu m'ubongo patatha pafupifupi mamilisekondi 300, pamene chimene sanachione chimazilala msanga. Vuto lake n'lakuti kuulutsa uthenga ndi ntchito ndithu. Kumatiuza nthawi imene kumva kumakhalapo, koma munthu akhoza kufunsabe chifukwa chake uthenga woulutsidwa umamveka kwa mwini wake, ndipo apa maganizowa alibe chowonjezera.

Achiwiri ndi a katswiri wa ubongo Giulio Tononi, a mu 2004, amene amayambira kwina. M'malo mofunsa zimene ubongo umachita, iye amayamba ndi kumva kwenikweniko, n'kuona kuti kumakhala kumodzi kosagawika, kenako amafunsa kuti ndi kamangidwe kotani kamene kangakhale ndi khalidwe limeneli. Yankho lake ndi kuchuluka kwa mmene zigawo za kamangidweko zimalumikizirana ndi kukhudzana mobwezerana, kumene amakuyeza ndi nambala yotchedwa Φ. Umboni wake wokopa kwambiri ndi kaubongo ka kunkhongo, kamene kali ndi maselo a minyewa pafupifupi 69 biliyoni mwa 86 biliyoni a ubongo wonse, koma kakawonongeka munthu amasokonekera poyenda, osati pozindikira, ndipo Tononi amati chifukwa chake n'chakuti zigawo zake zimagwira ntchito pazokhapazokha. Komabe nambala imeneyi siwerengeka pa ubongo weniweni, ndipo kunena kuti kulumikizana ndiko kumva ndi mfundo imene yangoikidwa poyambira, osati imene yatsimikizidwa. Maganizowa amavomerezanso kuti makina ena osavuta, olumikizidwa ngati ukonde, angazindikire kuposa munthu, chinthu chimene ambiri amachikana.

Achitatu, a akatswiri a filosofi Daniel Dennett ndi Keith Frankish, amakana funso lovuta lija. Iwo amati palibe chinthu chapadera chobisika mkati, koma ubongo umadzijambula wokha mwachidule n'kutikhulupiritsa kuti chilipo, choncho chofunika kufotokoza ndi chikhulupiriro chimenechi, chomwe ndi ntchito ngati zina zonse. Kwa wodwala uja, chosowa chinali kudziunika kumeneku basi. Ine ndimaona kuti mwa atatuwa ndi okhawa amene sasiya mpata pakati pa ntchito ndi kumva, koma mtengo wake ndi waukulu, chifukwa munthu amene dzino likumuwawa angayankhe kuti ngakhale kunamizidwako akukumva.

Pali msampha umodzi umene umakola onse atatu. Tinadziwa kuti wodwala uja sakuona chifukwa anatiuza, ndipo kunena ndi ntchito. Ofufuza ena amakayikira kuti mwina odwala otere amaona mwachimbuuzi koma amazengereza kuvomera. Choncho wofuna chida choyesera m'labotale apindula ndi Baars ndi Dehaene, malinga asanene kuti wayankha Chalmers, pamene wosankha pakati pa Tononi ndi Dennett akusankha poyambira, chifukwa kuyesa kulikonse kumene kulipo panopa kumadalirabe, mwachindunji kapena mozungulira, zimene woyesedwayo wanena.