Imawerengadi mawu a pachithunzi, koma manambala muziwayang'ana nokha

Ndagwiritsa ntchito pulogalamu iyi yokopera mawu a pachithunzi kwa milungu itatu ndipo ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Tinali ndi malamulo a gulu lathu, masamba awiri otayipidwa kalekale, fayilo yake inasowa. Timafuna kusintha ndime zingapo, ndiye ndinafuna kaye kukopera mawu onse monga alili ndisanakhudze chilichonse.

Ulendo woyamba zinatuluka zosokonekera, ndipo wolakwa ndinali ine. Ndinajambula ndi foni usiku, pepala lili lopindika, chithunzithunzi cha dzanja langa chitagwera pakati. Tsambalo lili ndi madanga awiri, ndiye OCR, njira imene pulogalamuyi imawerengera zilembo za pachithunzi, inawerenga modutsa, mzere wa kumanzere n'kuulumikiza ndi wa kumanja. Mawa lake ndinaliika pa sikana, ndinasankha 300 dpi, womwe ndi muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi, kenako ndinadula chithunzicho kuti danga lililonse liwerengedwe palokha. Apa mawu anabwera mwadongosolo m'masekondi ochepa, ntchito imene ndikanathera madzulo onse ndikutayipa. Ngati mulibe sikana, yalani pepala pamalo osalala masana, foni iyang'ane pansi molunjika. Chithunzi chimene wina wakutumizirani pa macheza chimakhala chitachepetsedwa, ndipo zilembo zing'onozing'ono zimafufutika.

Zolakwika za zilembo sizinandivute chifukwa zimaonekera ukamawerenga. Kachizindikiro ka pamwamba pa ŵ kanasowa paliponse, "pang'ono" anakhala "pangono", ndipo mawu amene anaduka kumapeto kwa mzere anabwera ali oduka momwemo. Pamene panali "Ndime 11" panatuluka "Ndime ll", chifukwa 1 ndi l zimafanana kwambiri m'zilembo zina, monganso 0 ndi O.

Chimene chinandiopsa ndi ichi. Ndime ina imati munthu adziwitse gulu pasanathe masiku 18. Inki ya kumanzere kwa 8 inali itafwifwa, ndipo pulogalamuyi inalemba masiku 13. Chiganizocho chimamveka bwinobwino, palibe chokukayikitsa. Ndinachigwira chifukwa choti ndinaika chithunzi mbali imodzi ya sikirini, mawu mbali inayo, n'kumalondola ndi chala nambala iliyonse. Ndikanayamba kusintha nthawi yomweyo, 13 ameneyu akanalowa m'malamulo atsopano ngati kuti analimo kuyambira kale, ndipo palibe akanadziwa kumene wachokera.

Panopa ndimasunga mafayilo awiri. Yoyamba ndi mawu okopera, okonzedwa mpaka afanane ndendende ndi pepala, ndipo imeneyo sindiikhudzanso. Zosintha zonse ndimapangira pa yachiwiri. Wina akafunsa kuti kale pankati chiyani, ndimangotsegula yoyamba ija.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa pulogalamuyi sisonyeza mawu amene yawakayikira. Ikanamawapaka mtundu wina, bwenzi munthu akudziwa poyambira kuyang'ana. Komanso mawu olembedwa ndi bolopeni m'mphepete mwa tsamba inawalephera onse, ndinachita kuwatayipa ndekha.