Wotchiyi ilibe vuto, koma pulogalamu yake imabisa zofunika

Ndaigwiritsa ntchito kwa nthawi ndithu wotchi yamakonoyi pa foni ya Android, ndipo ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Wotchiyo payokha ndi yabwino. Chandichotsetsa nyenyezi ziwiri ndi pulogalamu ya pafoni yomwe imayendera limodzi nayo. Inapangidwira anthu a dziko lina, Chingerezi chake n'chopunduka, ndipo masamba ena anangowasiya m'chilankhulo cha kwawoko. Komabe chilankhulo si vuto lalikulu. Vuto n'lakuti mabatani omwe amachititsa kuti zinthu ziyende ali m'foni, pomwe pulogalamuyo siikuuzani zimenezo.

Polumikiza wotchi ndi foni, musayambire ku Bluetooth ya m'foni ngati mmene timachitira ndi sipika. Wotchi zoterezi zimagwiritsa ntchito Bluetooth Low Energy, mtundu wa Bluetooth wosadya batire kwambiri, ndipo zikangogwirana ndi foni kunja kwa pulogalamu, nthawi zambiri zimasiya kudzionetsa, pulogalamuyo n'kumangozungulira osapeza kanthu. Zikatero, ichotseni wotchiyo pa mndandanda wa Bluetooth, mutsegule pulogalamu, mudine `Add device`. Ikapempha chilolezo choona komwe muli, musadabwe: pa Android 11 ndi zam'mbuyo zingapo, kufufuza zipangizo zapafupi kumafuna chilolezo chimenecho, pomwe kuyambira Android 12 pali chilolezo chakechake cha `Nearby devices`. Mukakana, pulogalamu iyi siidandaula n'komwe, imangokuonetsani tsamba lopanda kanthu.

Pa mauthenga ndiye pamene pali ntchito. Tsamba la mauthenga la m'pulogalamuyi lili ndi timabatani ta mafoni obwera, mameseji ndi WhatsApp, ndipo munthu ukatiyatsa tonse umaganiza kuti zatheka. Ayi ndithu. Timabatanito timangosankha mauthenga oti adutse, koma chitseko chenicheni ndi `Notification access` m'makonzedwe a foni. Wotchi siilandira uthenga payokha. Pulogalamu ndi imene imawerenga zomwe zatulukira pamwamba pa sikirini ya foni n'kuzitumiza kumkono. N'chifukwa chake gulu la pa WhatsApp lomwe munalitseka pakamwa siligwedeza wotchi, ndiponso ngati macheza ali otsegula pafoni, uthenga watsopano sufika kumkono, poti foni siionetsa chidziwitso cha zomwe mukuwerenga kale.

Kwa ine mauthenga ankafika bwinobwino ndikangotsegula pulogalamu, kenako n'kuleka foni ikakhala m'thumba kwa kanthawi. Chizindikiro chimenechi chimaloza ku foni: posunga batire, imazimitsa mapulogalamu ogwira ntchito kuseri. Mutha kutsimikiza podina batani lofufuzira foni pa wotchi. Foni ikapanda kulira koma ili pafupi, ndiye kuti pulogalamu yagonekedwa. Mankhwala ake n'kupita pa batire ya pulogalamuyo n'kusankha `Unrestricted`, ndipo mafoni ena alinso ndi `Autostart` yofunika kuyatsa. Kuchokera pamene ndinakonza zimenezi, mauthenga sanadukizenso. Chondinyansa n'chakuti mzere umodzi wokha pa tsamba la mauthenga lija ukanakwanira kufotokoza zonsezi. Muganizirenso bwino musanapereke chilolezo cha `Notification access` chija, chifukwa pulogalamu yochilandira imatha kuwerenga zidziwitso za m'mapulogalamu ena onse, osati okhawo mwasankha.

Tsamba la tulo ndi lokongola kuposa onse, koma ndimalikhulupirira pang'ono. Limaonetsa mizere ya mitundu itatu: `Light`, `Deep` ndi `REM`, kutanthauza tulo topepuka, tulo tofa nato ndi tulo ta maloto. Kuchipatala magawo amenewa amawayeza ndi mafunde a muubongo. Wotchi ilibe chipangizo chotero. Imangomva kugwedezeka kwa mkono, ndipo kagetsi kobiriwira ka kunsi kwake kamawerenga kugunda kwa mtima, kenako imayerekeza. Tiyerekeze kuti mwalowa m'bulangete 9 koloko, mwaonera kanema osasuntha mkono mpaka 11 koloko, n'kudzuka 5 koloko. Mwagona maola 6, koma pulogalamuyi itha kulemba 8, maola awiri a kanema aja itawaika pa tulo topepuka. Lamba akakhala wokhwepa, kagetsi kaja sikawerenga bwino ndipo chithunzicho chimakhala ndi mipata. Tulo tamasana iyi siilemba n'komwe, choncho ogwira ntchito usiku siingawathandize. Dziwaninso kuti tulo ta usiku wa Lolemba mutipeza pa Lachiwiri, ndipo timaoneka pokhapokha mukakokera tsambalo pansi kuti wotchi itumize zomwe yasunga.

Nthawi yodzukira yokha ndiyo imailondola bwino, ndipo pa zimenezo ndilibe dandaulo. Ngati mukufuna kuona mauthenga pamkono ndipo simuopa kufufuza m'makonzedwe a foni, gulani. Ngati mukugulira munthu wachikulire, mulumikizireni nokha musanam'patse.