Kuoda katundu, kugulitsa luso, kapena kupanga zinthu: mpamba wako ukagona kuti?

Anthu ambiri akamasankha bizinesi yoyamba amafunsa kuti yaphindu kwambiri ndi iti. Ine ndimafunsa zina: ndalama ikachoka m'thumba, ikagona kuti, ndipo ibwerera liti? Tiyerekeze kuti mpamba wanu ndi 1,000, ndalama ya dziko lililonse, ndipo tiuyese m'njira zitatu.

Mwaoda malaya 50 pa 20 amodzi, mukugulitsa pa 26. Pa pepala phindu ndi 300. Koma taonani pamene phinduli lakhala. Mukagulitsa malaya 40 mwatolera 1,040, ndipo ngati ulendo wokaoda unadya 40, ndiye kuti mwangobweza mpamba basi. Phindu lonse lili m'malaya 10 otsalawo, ndipo otsala amakhala omwe aja makasitomala akhala akuwagwira n'kuwasiya: akulu kwambiri, kapena a mtundu umene anthu sakuufuna. Apa ndi pamene ogulitsa atsopano amanamizika. Masabata oyamba ndalama imalowa tsiku lililonse, munthu n'kumatapako ya pakhomo poganiza kuti akudya phindu, chonsecho akudya mpamba. Chizindikiro chake sichivuta kuona: ulendo wachiwiri wokaoda mumabwera ndi katundu wochepa kuposa woyamba. Ubwino wa njirayi ndi wakuti siifuna luso la manja, ndipo msika umakuphunzitsani msanga zimene anthu akufuna. Kuipa kwake, mnzanu akhoza kuoda malaya omwewo mawa n'kugulitsa pa 24.

Tsopano tengani 1,000 yomweyo mugule makina ometera pa 600, 400 isungidwe. Mutu umodzi mukulipiritsa 10, ndipo magetsi, mafuta a makina ndi mankhwala otsukira zikudya 2. Mitu 75 yabweza makina, ndipo palibe katundu wotsalira amene akukudikirirani pashelefu. N'chifukwa chake ndimati munthu wokhala ndi luso kale, kaya lometa, lokonza mafoni kapena lophunzitsa ana, ayambire pano. Akalephera, zida amakhala nazobe.

Koma njirayi ili ndi malire ake. Ngati mutu umodzi umatenga theka la ola, pa maola 8 simungapitirire mitu 16, ngakhale anthu atafola mzere wautali bwanji. Ola limene lapita popanda kasitomala simungalisunge kuti mudzaligulitse mawa, ndipo tsiku limene mwadwala bizinesi nayo yadwala. Palinso vuto la ngongole. Wogulitsa malaya akhoza kukana kupereka katundu asanalandire ndalama, koma tsitsi likametedwa lametedwa. Achibale ndi anzanu amaona ngati simunataye kanthu chifukwa sanakuoneni mukutulutsa ndalama.

Kupanga zinthu ndiko kumakopa anthu kwambiri, ndipo ndikonso ndimakuopa kwa oyamba kumene. Makina osokera 700, nsalu ndi ulusi 300, zokwana malaya 25 pa 12 amodzi. Kugulitsa pa 26 kukusiyirani 14 pa malaya amodzi, kuposa kawiri 6 ya wooda uja. Mpaka apa zikukoma. Koma dzanja lachilendo limalakwitsa, ndiye tinene kuti atatu adulidwa mokhota. Otsala 22 abweretsa 572, ndipo mukachotsa 300 ya nsalu mwatsala ndi 272. Ngati malaya amodzi amatenga maola 3, mwagwira maola 75, kutanthauza kuti ola lanu lalipidwa ndalama zosakwana 4. Wometa amene wapeza mitu 4 yokha pa tsiku wapita kunyumba ndi 32, kukuposani inu amene mwakhala pamakina tsiku lonse. Ndipo malaya aja sanadzigulitse okha. Wopanga amasenza ntchito ziwiri, yopanga ndi yogulitsa, ndipo vuto la katundu wotsalira lija limamupezanso.

Sindikunena kuti kupanga n'koipa. Dzanja likazolowera, maola 3 aja amatsika, zowonongeka zimachepa, ndipo chinthu chanu chikakhala chosiyana ndi za ena palibe amene angakugwetsereni mtengo mosavuta. Kungoti poyamba musapange zodzaza tebulo. Sokani zimene munthu waitanitsa, ndipo apereke kaye ndalama yokwanira nsalu musanaidule. Mukatero mwasandutsa kupanga kukhala ngati kugulitsa luso, ndipo mpamba wanu sugona m'malaya opanda mwini.

Amene alibe luso lililonse la manja aode, koma asathire 1,000 yonse ulendo umodzi. Atenge malaya 15 a mitundu yosiyanasiyana, alembe m'kabuku amene atuluka sabata yoyamba ndi amene akhalira, ndipo ulendo wachiwiri akaode za m'gulu loyambalo zokha.