Kanjanji ka makatani pa zenera la mamita 3.6, patatha miyezi 8

"Achimwene, zenera lanu la pabalaza lija, chitsulo cha makatani sichikupindikanso? Langa ndi lalikulu chimodzimodzi."

Ayi achemwali, kuyambira pomwe ndinachotsa ndodo ija n'kuika kanjanji ka aluminiyamu, mzere uli wowongoka mpaka lero.

Ndodo yoyamba inali ya mamilimita 19, yamtundu wolowetsana uja, yotalika mamita 4, pa mabulaketi 3. Kuchokera pa bulaketi kufika pa inzake panali pafupifupi mamita 1.9. Makatani anga ndi ochindikala, ali ndi nsalu ina kumbuyo, ndipo pa sikelo anakwana makilogalamu 8. Miyezi 2 isanathe, mpendero unayamba kukwekwesa pansi m'malo awiri. Nditakunga chingwe kuchokera mbali ina kufika ina, ndinapeza kuti ndodo yatsika ndi masentimita 2, makamaka mbali ya chitsulo chowonda cholowa m'kati mwa chinzake.

Mankhwala ake akanakhala kuwonjezera mabulaketi, poti mukadula mpata pakati, kupindika kumachepa pafupifupi ka 16. Koma mphete zozungulira sizidutsa pa bulaketi. Makatani awiri okumana pakati amalola bulaketi imodzi yokha yapakatipo, pokhapokha mutapeza mphete zotseguka kumbuyo. Apa m'pamene kanjanji kamapambana: mabulaketi amakagwira pamwamba, timatayala tikuyenda m'munsi, choncho mutha kuika ochuluka mmene mufunira.

Ndinaika 9. Akumapeto ali masentimita 10 kuchokera kunsonga, enawo motalikirana masentimita 47 kapena 48. Kanjanji kanabwera zidutswa ziwiri za mamita 2, ndipo ndinaonetsetsa kuti mfundo yake yagwera pa bulaketi yapakati, pomwe makatani amakumana. Mfundo yolendewera yokha imatsika msanga, timatayala n'kumakodwapo.

Chimene chinandivuta ndi khoma. M'mwezi wachinayi bulaketi yakumanzere inayamba kugwedera, tifumbi ta simenti tikugwera pansi. Masana makatani onse amaunjikana kumapetoko, ndipo dzanja likamakoka, mphamvu imathera pomwepo. Sikuluwu inali yaifupi, itangogwira pulasitala ndi dothi la pakati pa njerwa. Ndinaboola pena, pa njerwa yeniyeni, n'kulowetsa pulagi ya mamilimita 8 ndi sikuluwu ya mamilimita 60. Siyinagwederenso. Inuyo akumapetowo muwamange chotero kuyambira tsiku loyamba.

Fumbi la mu Okutobala linapangitsa timatayala kulimba. Ndinapukuta m'ngalandemo ndi kansalu kouma, basi. Mafuta musathiremo, amakola fumbi ndipo amadetsa nsalu.

Kunena zoona, ndodo inkakongoletsa balaza kuposa kanjanji. Ngati mtima wanu uli pa ndodo, gulani ya mamilimita 28 yosalowetsana, pamodzi ndi mphete zotseguka, ndipo pa mamita 4 muike mabulaketi 5.