Kavidiyo ka agogo owerenga chambo, patatha miyezi 8

"Achemwali, kavidiyo kowerengera kaja munalembetsa kwa mnyamata wa pa boma, ana akukaonerabe? Ndikufuna andilembere ka zilembo, koma akuti K60,000. Ndipereke?"

Uthenga wanuwu unandipeza ndili ndi ukali, ndiye ndinadikira dala masiku awiri kuti mtima utsike ndisanakuyankheni. Memore khadi imene munali kavidiyoko inafa Lachiwiri, kaya n'kutentha kwa Okutobala kuno kaya n'kuchotsachotsa, ndipo nditakwera kabaza kuchoka kwa Mpondasi kupita kwa mnyamatayo kuti andiikirenso, anandiuza kuti K3,000. Chinthu chimene ndinalipira ndekha K45,000 mu Febuluwale kuti chilembedwe ndi kujambulidwa! Ndinapereka, chifukwa ana 14 amene ndimasunga pakhonde pano anali atandifunsa kale kuti agogo a nsomba apita kuti.

Kuonera akuonerabe, tsiku lililonse, ndipo nanenso sindinatope nako. Kavidiyoko n'ka mphindi zinayi. Agogo akhala pamchenga ndi dengu, mdzukulu akuwapatsira chambo, iwo akuwerenga. Mulibe malikhweru kapena kulira kwa zidole kolasa m'makutu kuja, muli mawu a anthu awiri ndi kuwomba m'manja basi, moti ngakhale sipika ya foni yanga yothethekayi mawu amamveka. Agogo amakhudza nsomba iliyonse ndi chala akamaitchula, ndipo ana anatengera. Pali paja mphaka amaba nsomba imodzi agogo n'kudandaula kuti masiku ano chambo adya ndi alendo a kumahotela okha, iwo atsala ndi bonya. Ana amaseka mphaka, akuluakulu amaseka bonya, ndipo bambo a kunyumba kuno amawatsanzira agogowo akamabwera kumsika chimanjamanja. Makolo atatu anabwera okha kudzapempha kuti ndiwatumizire.

Chimene mnyamatayu anachita bwino koposa ndi kachetechete. Agogo akafunsa kuti "Zilipo zingati?" amakhala duu pafupifupi masekondi atatu, akuyang'ana mwana amene akuonerayo, kenako n'kunena okha kuti "Zitatu. Zonse pamodzi, zitatu." Mwezi woyamba ana ankangoyang'ana. Pofika wachiwiri ankakuwa yankho agogo asanatsegule pakamwa, ndipo kachetechete kameneko ndi kamene kamawabwezera ku vidiyoyi, chifukwa aliyense amafuna kuwaposa agogo. Pamenepo anaphunziranso lamulo lalikulu la kuwerenga, loti mawu amene watchula pomaliza ndiwo akunena kuchuluka kwa zinthu zonse.

Lamulo lomweli ndi limene linatipweteka.

Vuto ndinaliona mu Meyi. Mwana wanga wa zaka zinayi ankandithandiza kutola zitsekerero za mabotolo zimene timawerengetsera, ndiye ndinamuyalira zisanu ndi ziwiri pamphasa. Anagwira chimodzichimodzi bwinobwino, akuimba monga amaimbira agogo, mpaka pomaliza. Nditamufunsa kuti zilipo zingati, anati, "Ziwiri." Ndinayesa kuti akusewera. Ndinawonjezera chimodzi, anawerenganso, n'kuyankha kuti, "Zitatu." M'mawa mwake ndinayesa ana onse aakulupo, mmodzimmodzi, kuseri kwa nyumba kuti asamverane. Mwa ana asanu ndi mmodzi, anayi anayankha chimodzimodzi. Sanalakwitse kalikonse malinga ndi zimene anaphunzitsidwa. Agogo amati "zisanu ndi ziwiri", mawu omaliza ndi "ziwiri", ndipo theka lonse loyamba la vidiyo lawauza kuti mawu omaliza ndiwo yankho.

Usiku umenewo ndinaonera kavidiyoko ndekha maulendo angapo, ndikuimika n'kubwezera, ndipo ndinaona pamene cholembedwacho chinapotokera. Kuyambira 1 mpaka 5 mawu onse ndi ofanana msinkhu. I-mo-dzi, zi-wi-ri, zi-ta-tu, zi-na-yi, zi-sa-nu, lililonse maphatikizo atatu, ndipo amakwana bwino pa kuwomba m'manja kumodzi. Kufika pa 6, Chichewa chathu chimayamba kuphatikiza, ndipo "zisanu ndi ziwiri" ali ndi maphatikizo asanu ndi awiri. Mnyamata uja sanasinthe kaimbidwe. Anapanikiza mawu aatali aja pa kuwomba kumodzi komwe kuja, moti agogo amameza "zisanu ndi" mothamanga n'kutsindika pa "ziwiri". Chimene chimatsala m'khutu mwa mwana ndi mchira wokha.

Chithunzi nachonso sichithandiza. Zinthu zisanu ndi ziwirizo anaziyala pamzere umodzi wautali, popanda pamene diso lingaone kuti apa pathera zisanu, apa payambira zinzake. Kuwonjezera apo, ati pofuna kuti ana asatope ndi nsomba, kuyambira pa 6 anayamba kusintha zinthu: mazira asanu ndi limodzi, nthochi zisanu ndi ziwiri, ana asanu ndi atatu. Kwa inu ndi ine palibe chachilendo. Koma mwana amene wazolowera "zisanu" kwa mphindi ziwiri akumva mwadzidzidzi "asanu", kenako "zisanu", kenako "asanu", ndipo "imodzi" uja wasanduka "limodzi". Kumbukirani kuti theka la ana anga kunyumba kwawo amayankhula Chiyao, kumene 4 ndi mcheche ndipo 5 ndi msano. Ana amenewa akuphunzira mawu a Chichewa ndi kuwerenga nthawi imodzi, ndiye kuwasinthira mutu wa liwu pa nambala iliyonse n'kuwasenzetsa katundu wachitatu.

Kukonza kwake si kovuta, ndinayesa ndekha ndi madengu awiri ndi mbewu za malambe. Nsomba zikhale nsomba mpaka pa 10. Zikakwana zisanu, agogo anene kuti dengu ladzaza, atambasule dzanja lonse, aliike pambali koma likuonekabe, atenge dengu lachiwiri. Nambala iliyonse kuyambira pa 6 ipatsidwe kuwomba kuwiri, kumodzi akuloza dengu lodzaza kuti "zisanu", kwina akuloza linalo kuti "ndi ziwiri". Funso lisinthenso, afunse kaye za dengu ili, kenako za ilo, kenako za onse awiri. Ndipo ndinkafuna kuti mdzukulu uja aziyankhira kuti "kumsika amati seveni", chifukwa palibe amene amagula tomato pamsika wa Mangochi n'kunena kuti asanu ndi atatu, aliyense amati eyiti, ndipo mwana ayenera kudziwa kuti ndi nambala imodzi yomweyo. Nditachita zimenezi pamphasa kwa masabata awiri, atatu mwa ana anayi aja anasiya kuyankha ndi mchira.

Ndinapita nazo kwa mnyamata uja mu Juni, zonse nditalemba papepala. Anandilandira bwino, "Amayi, khalani apa," n'kundigulira ndi thobwa lomwe. Koma atamva nkhani anati zimene analemba n'zolondola, m'mabuku a Chichewa manambala amalembedwa choncho, vuto ndi ana. Ndinamuuza kuti kulondola sindikukana, koma kalembedwe ka m'buku ndi kamvedwe ka mwana wa zaka zinayi n'zosiyana. Apo anatulutsa pangano lathu, loti kukonza kwaulere ndi kamodzi, mkati mwa mwezi woyamba. N'zoona, tinagwirizana choncho, ndipo mwayi umenewo ndinauwonongera pa chinthu chachabechabe, kusintha mtundu wa manambala kuti azioneka bwino padzuwa. Vuto ngati ili silingaoneke mwezi woyamba, chifukwa nthawi imeneyo ana amakhala akungoimba, sanayambe kuyankha. Anati kuti akonze pafunika K25,000, poti gogo amene anajambulitsa mawu uja anabwerera kwawo ku Namwera, ndiye pafunika thiransipoti ndi kangachepe kake. Nditapempha pepala la zolembedwazo kuti ndikapatse wina, anati ndinagula vidiyo, osati mawu.

Kuyambira pamenepo ndimaimika vidiyo agogo akangofika pa zisanu, pa mphindi ziwiri ndi masekondi khumi, n'kupitiriza ndekha ndi madengu. Zimayenda, koma ndinalembetsa kavidiyoka kuti ndizipeza mpata wotakasa phala, ndipo tsopano ndimathamanga ndi mthiko m'manja kuti ndikafike mazira asanatuluke. Ndikachedwa, ana amalira ndikazimitsa. Makolo atatu aja ndinachita kuwaimbira foni kuti aziimika pomwepo, ndipo ndikudziwa kuti sachita, chifukwa mmodzi mwa ana awo akuyankhabe "ziwiri" mpaka lero. Masiku ena ndikamva khonde lonse likukuwa "zitatu!" agogo ali duu, ndimati K45,000 ija inagwira ntchito, palibe kavidiyo kachizungu kamene kanawagwirapo mtima chotere. Masiku ngati Lachiwiri lija ndimawerengera kuti ndinalipira mphindi zinayi n'kumagwiritsa ntchito ziwiri, ndipo kuti zikwane pa mtengo wa K25,000 uja ndikanakhala nditataya K73,000.

Ndiye za inu. Luso ali nalo, khutu la nthabwala ali nalo, ndipo kachetechete kaja sindinakaone kwa wina. Koma K60,000 yonse pakamodzi musapereke. Perekani theka, ndipo asanajambule kanthu akupatseni zolembedwazo papepala, zikhale zanu, mukawerengere ana mokweza masiku angapo. Onani ngati wayamba ndi a, e, i, o, u kenako maphatikizo monga ma, me, mi, mo, mu, kapena wangotenga ndondomeko yachingerezi n'kumavutika kusaka liwu la Chichewa loyamba ndi Q ndi X, zimene sitilemba n'komwe. Onaninso C, chifukwa kwathu kuno amayenda ndi h, ndipo akangoika chithunzi cha chambo pansi pa C yekha mudzaona zanga zomwezi. Nthawi yokonza kwaulere ikhale miyezi itatu, yolembedwa, ndipo akupatseni vidiyoyo malo awiri kuti khadi ikafa musakagulenso chinthu chanu chomwe.

Lachiwiri lomwelo, nditapereka K3,000 ija, ndinamuuza kuti pali mnzanga akufuna ya zilembo ndipo akudikira mawu anga. Nkhope inasintha. K25,000 ija inatsika kufika K15,000, ndipo akuti gogo uja abwera ku boma kumapeto kwa mwezi kudzaona mdzukulu, ajambuliratu pomwepo. Ndapereka K5,000, yotsalayo ndaigwira mpaka nditaona madengu awiri pasikirini. Dikirani kaye mpaka pa 5 Novembala, ndidzakuuzani ngati gogoyo anafikadi.