Miyezi 10 chikonzetsereni kalipa ya Corolla yanga

"Alamu, chaka chatha munkadandaula kuti galimoto yanu ikukokera kumanzere. Yanganso yayamba zomwezo, ndipo akundiuza kuti ndikapangitse alayimenti. Inu munakonzetsa chiyani, nanga vutolo linatheratu?"

Linatha alamu, koma mpaka kukonza kawiri. Musathamangire ku alayimenti musanaone zinthu ziwiri zomwe sizifuna ndalama, chifukwa ine ndinataya yanga kumeneko pomwe vuto lili kwina.

Yanga ija ndi Corolla ya 2012, yochokera ku Japan. Inayamba kukoka cha mu Julayi. Poyamba ndinkati ndi msewu, pakuti misewu ya phula amaimanga yopendekera m'mbali kuti madzi azitsika, ndipo ife oyenda kumanzere galimoto imatsetsereka pang'ono kumanzereko ukasiya chiwongolero. Zimenezo si matenda. Koma yanga inafika poti dzanja lamanja linkatopa ndi kulimbana nayo.

Ndinayamba ndi mpweya. M'mawa matayala ali ozizira ndinayeza ndi geji yanga, ndipo lakutsogolo kumanzere linali 27 psi, lakumanja 33. Kusiyana kotereku kumakoka ndithu, chifukwa tayala lofewa limalemera kugudubuzika. Ndinawalinganiza potsata kapepala komata pa chitseko cha dalaivala. Kukoka kunachepa koma sikunathe. Kenako ndinasinthanitsa matayala akutsogolo, lamanzere kumanja, lamanja kumanzere. Likanakhala vuto la tayala, galimoto ikanayamba kukokera kumanja. Inapitiriza kumanzere komweko.

Apa mpamene ndinapita ku alayimenti. Anaiyika pamakina, anakonza, chiwongolero chinawongoka bwino, koma nditangoyenda pang'ono kukoka kunabwerera. Ndinadzamva pambuyo pake kuti pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri, chomwe amasintha pa alayimenti ndi kuloza kwa matayala mkati kapena kunja basi. Kumeneko kukalakwika kumadya matayala m'mphepete ndi kupotoza chiwongolero, koma sikawirikawiri kukokera galimoto mbali imodzi. Chomwe chimakoka ndi kupendekeka kwa tayala, ndipo nthawi zambiri kumabwera chitsulo china chikapindika mutagwera m'dzenje. Choncho ngati simunagunde dzenje lalikulu posachedwa, ndipo matayala akutha mofanana, alayimenti ikhale yomaliza.

Chomwe chinandiululira chinali ulendo wa ku Blantyre pa M1. Kuchoka ku Lilongwe m'mawa galimoto inkayenda mowongoka ndithu. Pofika ku Dedza inali itayamba kukoka, ndipo cha ku Ntcheu ndinamva fungo ngati la chinthu chopsa. Nditaima, ndinayandikiza chikhatho pa limu lakumanja: lofunda chabe. Lakumanzere sindinathe n'komwe kuligwira, kutentha kwake kunkamveka dzanja lili patali. Linalinso lakuda bii ndi fumbi la mapadi pomwe linzake linali loyera. Chinanso chinandidabwitsa: ndikaponda buleki galimoto inkakhotera kumanja. Makaniko anadzandifotokozera kuti padi yomwe yakhala ikukhuza disiki ulendo wonse imapsa n'kusiya kugwira bwino, ndiye mbali inayo imagwira kwambiri. Ndiye mukaona kukoka komwe kumakula galimoto ikamayenda, dziwani kuti si mpweya kapena alayimenti. Ziwirizo zimakoka mofanana kuyambira pageti.

Ku galaja anaikweza pa jeke. Tayala lakumanja ankalizunguza ndi chala chimodzi, lakumanzere mpaka manja awiri. Asanamasule kalipa, chitsulo chomwe chimafinya mapadi a buleki pa disiki, makanikoyo anatsegula pang'ono kabawuti kotulutsira mpweya m'mabuleki. Anati tayala likamasuka pamenepo ndiye kuti payipi ya labala yatsekeka mkati ndipo ikusunga mphamvu ya mafuta, koma likakhalabe lolimba ndiye kuti vuto lili mu kalipa momwemo. Linakhalabe lolimba. Kalipa imatsetsereka pa mapini awiri, ndipo lamunsi linali louma gwa, ladzimbiri, kalabala kake kotchinga fumbi katang'ambika. Analitulutsa mochita kumenya. Padi imodzi inali itatsala ngati chikhadabo pomwe inzake inali idakali yonenepa.

Anatsuka mapini, anapaka girizi, anaika mapadi atsopano mbali zonse ziwiri. Mapadi musamasinthe mbali imodzi alamu, mungoyambitsa kukoka kwina. Galimoto inawongoka tsiku lomwelo. Petulonso anasintha: ndinali nditatsikira pa makilomita 11 pa lita, ndinabwerera cha pa 13 pa maulendo anga omwewo.

Mukanandifunsa mu Novembala ndikanakuuzani kuti zatheka. Koma mu Febuluwale, mvula ili pakati, limu lija linayambanso kufunda. Ndinapita kwa makaniko wina, ndipo atamasula ndinaona ndi maso anga. Timalabala ta mapini tinali titafufuma, tofewa ngati chingamu. Woyamba uja anapaka girizi wamba, yemwe amapaka m'mabeyaring'i, ndipo girizi ameneyo amatupitsa labala ya mabuleki. Labala ikatupa imafinya pini, komanso madzi amalowa. Kalabala kong'ambika kaja sanakasinthenso, anangokabwezera. Zinandiwawa, chifukwa ndinali pomwepo tsiku limenelo ndipo sindinadziwe choti ndifunse. Pisitoni nayo inali itayamba timadontho ta dzimbiri m'mphepete, ndipo mafuta a mabuleki anali akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Sindinawasinthepo chigulireni galimoto. Mafutawa amayamwa chinyezi, ndipo madziwo ndiwo amadya pisitoni kuchokera mkati. N'chifukwa chake ambiri amati azisinthidwa pakatha zaka ziwiri.

Ena anandilangiza kugula kalipa yakale yochotsa pa galimoto yophwasula. Ndinakana, chifukwa simudziwa kuti yakhala pamvula nthawi yaitali bwanji, ndipo mkati mwake simuonamo. Ndinagula timalabala tatsopano ta makalipa onse awiri akutsogolo, pisitoni imodzi yatsopano, girizi wa silikoni wopangidwira mabuleki, ndi mafuta a DOT 3 monga zalembedwera pa chivindikiro. Anakhetsa mafuta akale onse mpaka oyera atayamba kutuluka ku matayala anayi onse. Mapadi ndinagulanso, pakuti akumanzere anali atayamba kunyezimira chifukwa chopsa. Ndalama yake inaposa ya ulendo woyamba, ndipo ikanakhala yochepa ndikanachita zonsezi mu Ogasiti muja.

Tsopano papita miyezi itatu ndi theka chikonzereni kachiwiri. Ndapita ku Blantyre kawiri ndi ku Salima kamodzi, ndadutsa m'matope a kumapeto kwa mvula, ndipo malimu onse akutsogolo amafunda mofanana. Sabata yatha ndinachotsa tayala kuti ndione. Timalabala tili bwino, kalipa ikutsetsereka ndikaikankha ndi dzanja, mapadi akutha mofanana. Chotsalira n'chimodzi: disiki yakumanzere inavulala ndi kutentha kuja, moti ndikaponda buleki pa liwiro la 100 chiwongolero chimanjenjemera pang'ono. Madisiki awiriwo ndisintha mwezi wamawa.

Ndiye mawa m'mawa yezani mpweya matayala asanatenthe. Kenako yendani makilomita ngati 10 pamsewu wosafuna buleki pafupipafupi, muime, muyandikize dzanja pa limu lililonse. Disiki yokha musaikhudze, imawotcha zoopsa. Limodzi likatentha kuposa linzake musapite nayo ulendo wautali, bwerani nayo Loweruka tipite limodzi kwa makaniko wachiwiri uja, ndipo girizi wanga wotsala ndikusungirani.