Dayamondi ya theka la karati imene inazima itafika ku Mulanje

Shopu ya mphete ya ku Blantyre imeneyi ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo ziwiri mwa izo ndi za bambo eni shopu, osati za mnyamata wa pakauntala. Mphete yomwe mphwanga anagula ku Blantyre ya chinkhoswe chake golide wake ndi wabwino, kabokosi ndi risiti zonse zinali bwino. Vuto linali mwala.

Mu shopu muja muli magetsi ang'onoang'ono owala kwambiri oloza pansi, ndipo pansi pa magetsi otere ngakhale dayamondi yodulidwa molakwika imathwanima. Mpheteyo itafika kuno ku Chitakale kunali chiperoni, phiri losaoneka n'komwe, ndipo pa kuwala kofatsa kwa tsiku lotere mwala subisa kanthu. Titauika pa pepala loyera pakhonde, pakati pake panali bii, ngati mutu wa msomali, kuwala kuli m'mphepete mokha. Mwala wa madola 1,200 umenewo.

Amene mukugula koyamba, dziwani kuti mtengo wa dayamondi umayendera zinthu zinayi, zomwe pa Chingerezi zonse zimayamba ndi C: kulemera, mtundu, kuyera kwa m'kati ndi kadulidwe. Mnyamata uja anatchula ziwiri zokha zomwe zinkamukomera. Akuti ankangobwereza kuti, "Achimwene, iyi ndi hafu karati yeniyeni, mtundu wake ndi F, simungaipeze kwina." Sananame, koma anasiya dala mizere iwiri ya pa satifiketi ya GIA, bungwe la ku America loyeza dayamondi, yomwe inali m'dirowa momwemo.

Karati ndi kulemera, si kukula. Karati imodzi ndi magalamu 0.2, ndipo imagawidwa m'mapointi 100, ndiye theka la karati ndi mapointi 50. Mtengo amauwerengera pa karati, koma mtengo wa pa karatiwo umadumpha mwala ukangofika pa manambala omwe anthu amawakonda, monga 0.50 ndi 1.00. Odula miyala amadziwa zimenezi. Mwala womwe ukanatuluka wokongola pa 0.46 ena amausiyira mimba yaitali kunsi ndi lamba wonenepa m'mbali kuti sikelo ifike pa 0.50. Wa mphwangayu unali wotero. Satifiketi inkati m'mimba mwake ndi mamilimita 4.90 ndipo kuya kwake ndi 65.5 peresenti ya m'mimba mwakemo, pomwe dayamondi yozungulira ya theka la karati yodulidwa bwino imakhala pafupifupi mamilimita 5.1, kuya kwake kuli cha m'ma 60 mpaka 62. Ndiye kuti analipira kulemera komwe kwabisala pansi pa golide, kumene munthu sangakuone.

Mdima wa pakati uja umachokera pomwepo. Dayamondi yozungulira imakhala ndi timbali 57 kapena 58, ndipo tam'munsi timagwira ntchito ngati kalilole: kuwala kukalowera pamwamba kumagunda mbali ina, kudumphira ina, n'kubwerera m'maso mwa woyang'ana. Mimba ikatalika kwambiri, kuwalako kumatulukira m'mbali ya kunsi, ndiye pakati pamada. Ikakhala yosaya kwambiri pamaoneka kamkombero kotuwa ngati diso la nsomba. GIA imapereka magiredi asanu a kadulidwe ka miyala yozungulira, ndipo uwu unali pa giredi yachitatu, yolembedwa kuti `Good`. Dzinalo limapusitsa anthu, chifukwa pamwamba pake pali magiredi ena awiri. Mwa zinayi zija, apa ndi pomwe sindingalole wachibale wanga kutsikapo pofuna kupulumutsa ndalama.

Za mtundu sinditaya nthawi. Muyezo umayambira pa D, wopanda mtundu uliwonse, kukathera pa Z, wachikasu choonekeratu. D, E ndi F ndi odula kwambiri, G mpaka J ali ndi kachikasu kovuta kukaona. Akatswiri amayeza mtundu mwala uli chafufumimba pambali pa miyala yofanizira. Ukaikidwa pa mphete ya golide wachikasu ngati iyi, F ndi H simungawasiyanitse, chifukwa golideyo amabwereketsa mtundu wake ku mwala. Ndalama ya F inangopita.

Chomwe chinandikwiyitsa kwenikweni ndi kuyera kwa m'kati. Izi amayeza ndi kagalasi kokulitsa kakhumi, kuyambira FL wopanda chilema, kutsika kudzera VVS, VS, SI mpaka I. Mwalawu unali SI2. Palibe cholakwa kugula SI2, ena amaoneka oyera ndi maso, koma muyenera kudziwa kuti chilemacho ndi chotani ndipo chili pati. Satifiketi yaing'ono yomwe imabwera ndi miyala yotere imangotchula mtundu wa chilema, siikhala ndi chojambula chosonyeza malo ake. Titayang'ana ndi kagalasi tinapeza kamng'alu koyera konga nthenga, kofika pa lamba penipeni, theka lake litaphimbidwa ndi dzino limodzi la timano togwira mwala. Dayamondi siikandika ndi miyala ina, koma imabenthuka ikagundidwa pamalo ofooka. Mkazi wovala mpheteyi tsiku ndi tsiku, akutsuka mapoto ndi kunyamula ndowa, tsiku lina adzaigunditsa pa chitsulo, ndipo podzabenthukira ndi pomwepo. Mnyamata uja anaona mphwanga sakudziwa, sanamupatse n'komwe kagalasi.

Tinabwerera nayo, ulendo wonse wodutsa ku Luchenza ndi ku Thyolo, tikuyembekeza mkangano. Mnyamatayo anayambadi zoti katundu akatuluka sabwezedwa. Koma bambo eni shopu atatuluka anatenga mphete, kuyang'ana ndi kagalasi osakwana mphindi imodzi, n'kunena kuti, "Pepani bambo, mwana wanuyu sanauzidwe zonse." Anatulutsa miyala itatu yosaikidwa pa mphete, n'kutilola kupita nayo pa zenera, kutali ndi magetsi aja. Pamenepo mtima unayamba kutsika.

Tinasankha wa makarati 0.46, mtundu H, kuyera VS2, kadulidwe ka giredi yoyamba. M'mimba mwake ndi mamilimita 4.95, kutanthauza kuti ngakhale ndi wopepuka ndi mapointi anayi, pa chala umaoneka wotambalala pang'ono kuposa woyamba uja. Masamu ake ndi awa: woyamba ankawerengera madola 2,400 pa karati, kuchulukitsa ndi 0.50 n'kukhala 1,200. Wachiwiriwu 2,100 pa karati, kuchulukitsa ndi 0.46 n'kukhala 966. Kutsika kwa mtengoko kwachokera pa kukhala kunsi kwa 0.50 ndi kusiya F kupita pa H, zinthu ziwiri zomwe diso silitaya nazo kanthu, ndipo mbali ina ya ndalamazo yalowa ku kadulidwe ndi kuyera.

Anatisonyezanso nambala ya satifiketi yolembedwa ndi leza pa lamba wa mwala, ndipo titaitayipa pa `Report Check` ya GIA pa foni, miyezo yonse inagwirizana ndi pepala. Chitani zimenezi musanalipire, ndipo funsani mosapita m'mbali ngati mwalawo ndi wokumbidwa kapena wopangidwa m'fakitale, chifukwa wopangidwa ndi dayamondi ndithu koma mtengo wake ndi wotsika kwambiri, ndipo satifiketi imanena.

Chomwe sindinasangalale nacho n'choti pa ndalama yotsala anadulapo yochotsera mwala wakale ndi kuika watsopano, ngati kuti kulakwa kunali kwathu, ndipo ntchito yomwe anati ndi ya masiku atatu inatenga sabata ndi theka. Timano anatimanga bwino, patha miyezi iwiri mwala sukugwedera, ndipo chiperoni chitabweranso sabata yatha unali ukuwala mpaka pakati. Mukapita kumeneko pemphani kuonana ndi bambowo, ndipo satifiketi ikhale m'manja mwanu mnyamata uja asanayambe kulankhula.